Wodwala wa pa Silaidi Yachinayi

Chaka chimene makuponi a feteleza anachedwa mpaka mitambo itayamba kuda, ine ndinali mlembi wa komiti yosamalira odwala pa mpingo wathu, kudera la Lisasadzi. Anandisankha chifukwa ndinali mphunzitsi wa pulayimale, komanso ndinali nditagwirako kompyuta pa maphunziro ena ku Boma. Kuyatsa ndinkatha ndithu, koma pozimitsa ndinkafunsa.

Mpingo wina wa kunja, umene unali paubale ndi wathu, unali utatigulira ambulansi ya njinga. Kwa amene sanaionepo, ndi njinga yakapalasa wamba, kumbuyo kwake n'kukolekako kangolo ka matayala awiri kokhala ndi machira ogonapo wodwala ndi kadenga ka lona. Inatithandiza kwambiri. Kale wodwala ankadikira kuti ng'ombe zibwere kudambo, azimange pangolo, ndiye ulendo uyambike. Itabwera njingayo, amayi oyembekezera, ana a malungo ndi agogo othyoka ankafika kuchipatala chathu chaching'ono nthawi ikadalipo. Ankaipalasa ndi bambo wina wa m'komiti mwathu momwemo, amene masiku ena ankachita kabaza pamsewu waukulu.

Tsiku lina abusa anatiitana m'vesitile n'kutiwerengera imelo. Abale athu akunjawo anali ndi mapemphero othokoza, ndiye ankapempha kalata yochokera kwa ife. Koma sankafuna kalata yapapepala. Ankafuna masilaidi, kutanthauza zithunzi zokhala ndi mawu ochepa m'munsi, zoti aziwalitse pakhoma la tchalitchi chawo chimodzi pambuyo pa chinzake, kuti aliyense amene anasonkha aone chimene chopereka chake chinachita. Anatsindikanso kuti tisajambule munthu popanda chilolezo chake.

Abusa anandibwereka kamera ndi laputopu yawo, ndipo ndinagwira ntchitoyo ndi mtima wonse. Silaidi yoyamba inali moni. Yachiwiri inali ngolo ya ng'ombe ndi msewu wathu wamchenga. Yachitatu inali ambulansi itaima patsogolo pa tchalitchi. Yachinayi inali ambulansi yomweyo pansi pa mtengo wa mango. Yachisanu inali ambulansi ataijambulira kumbuyo. Yomaliza tinali ife a komiti titaizungulira, tikukweza manja.

Ndinawaonetsa a komiti. Kenako abusa anakanda kumutu.

"Aphunzitsi, zithunzi n'zabwino," anatero. "Koma munthu woona izi aganiza kuti njingayi tikuigulitsa."

Ankanena zoona. Pa zithunzi zonsezo machira anali opanda munthu. Vuto linali lakuti ambulansi ikamagwira ntchito yake yeniyeni palibe amaganiza za kamera. Mayi akamabuula ndi pakati, sungamuyimitse kuti asaine chilolezo, dzuwa liwale bwino kumaso. Tinagwirizana kuti munthu mmodzi wabwinobwino agone pamachirapo, timujambule, ndipo tilembe poyera kuti n'kungoonetsa mmene imagwirira ntchito.

Pa mawu akuti "munthu mmodzi" m'pamene aliyense anayamba kuyang'ana zala zake zakumapazi.

"Kugona pamenepo uli bwinobwino n'kudziitanira," anatero amayi apampando a komiti yathu. "Ine ndili ndi ana aang'ono."

Wakabaza anati iye ndi wopalasa, sangakhale kutsogolo ndi kumbuyo nthawi imodzi. Abusa anati mbusa akagona nkhosa zimabalalika. Ine ndinali wojambula. Tinayesa kugoneka thumba la chimanga n'kulifunditsa chitenje, koma chithunzi chake chinaoneka ngati tikupita kumanda. Titalivundukula pang'ono, chinaoneka ngati tikuba chimanga.

Madzulo ake ndinkawafotokozera amuna anga nkhaniyi pabwalo, osadziwa kuti apongozi anga aamuna akumva ali pakhonde pawo. Ine ndinakwatiwa chitengwa, nyumba yathu inali moyandikana ndi yawo. Anali munthu wamkulu thupi, wa khosi lonenepa, mlimi wa fodya wa bale amene ankadzitama kuti chibadwire sanalasidwepo jakisoni. Anatsokomola kuti tidziwe kuti alipo.

"Mukuti mukajambulira kuti?"

Ndinagwada pomwe ndinali n'kuyankha ndikuyang'ana kumbali. "Pageti ya chipatala, bambo."

"Chipatala chija choyandikana ndi depoti ya feteleza?"

"Chomwecho."

"Njinga yanga yathyoka sipoko. Makuponi ndalandira dzulo, feteleza akuti wafika. Ndigona ineyo. Bola mukanditsitse padepoti."

M'mawa mwake wakabaza anabwera nayo ambulansi pakhomo. Apongozi anavala jekete lawo, makuponi m'thumba lamkati, n'kusaina pepala la chilolezo ndi siginecha yaitali ngati akugula galimoto. Vuto linali langa. Chikwatiwire sindinawauzepo apongozi chochita, ndiye lero ndiwauze bwanji kuti gonani, tambasulani miyendo? Ndinkalankhula kudzera mwa wakabaza ngakhale tonse tinali pamalo amodzi.

"Auzeni bambo kuti mwina atavula chipewa."

"Akuti muvule chipewa."

"Auzeni kuti ndamva."

"Auzeninso kuti asamwetulire kwambiri."

Tinawafunditsa chitenje mpaka pachifuwa, ulendo unayamba. Ine ndinakwera kabaza wina n'kumatsatira pambuyo, kamera m'manja. Kunkatentha, kamphepo kankalowa pansi pa lona, kangolo kakuwayendetsa mogwedeza pang'onopang'ono. Tisanadutse n'komwe minda ya m'mudzi mwathu, apongozi anali atagona tulo tenitweni, kukamwa yasa, dzanja limodzi likulendewera kunja.

Chimene tonse tinaiwala n'chakuti tsiku limenelo dera lonse linali padepoti. Mzere wa anthu a makuponi unachoka pakhomo la depoti, kudutsa pachigayo, mpaka kukakhota pafupi ndi geti ya chipatala. Anthu anali atatopa, alibe choyang'ana. Ndiye tinatulukira ife: wakabaza ali thukuta kamukamu, munthu wodziwika dera lonse ali gone, mpongozi wake akutsatira pambuyo nkhope ili gwa. Nkhope inali gwa chifukwa ndinkaopa kugwetsa kamera ya abusa. Phokoso la pamzere linazima. Abambo ena anavula zipewa. Mayi wina anagwira pakamwa.

Pageti ndinatsika n'kujambula msangamsanga. Chithunzi chinatuluka bwino kuposa zonse zimene ndinajambulapo: chikwangwani cha chipatala kumbuyo, dzanja lija likulendewera, ndi khamu la anthu a nkhope zachisoni m'mbali. Kenako wakabaza anawagwedeza phewa. Apongozi anadzuka, anavala chipewa, n'kuyenda kupita kumapeto kwa mzere.

"Iyayi bambo, inu simungaime," anatero munthu wina. "Apatseni njira, atsogole."

Mzere wonse unapatuka. Wina anawagwira mkono, wina anabweretsa mpando. Apongozi anaganiza kuti anthu ayamba kuzindikira ulemu wa akuluakulu, ndipo anadutsa akugwedezera mutu uku ndi uku. Feteleza anagula woyambirira. Matumba tinawakweza pamachira, iwo anabwerera pa kabaza amene ndinakwera ine, akuyamikira kuti boma chaka chino lakonza bwino zinthu.

Ine ndinapitirira pa minibasi kupita ku Kasungu Boma kukatumiza kalata. Kunali kafe ya intaneti ya mayi wina wa magalasi, amene ankadziwa makompyuta ake ngati ana ake, iyi yaulesi, iyi yokonda kuzima. Ndinachotsa chithunzi cha pansi pa mango n'kuika cha apongozi pa silaidi yachinayi. M'munsi mwake ndinalemba m'Chingelezi mawu otanthauza kuti ulendo wa kuchipatala tsopano ndi wosavuta. Nditafuna kuwonjezera kufotokoza, mawu anachuluka n'kuyamba kukwera pachithunzi.

"Zofotokozera lembani umu," anatero mayi uja, akuloza kabokosi kena pansi pa silaidi. "Anthu oonerera saziona, koma amene akuyendetsa masilaidi amaziwerenga n'kuwauza."

Ndinalemba momveka bwino kuti bambo awa sakudwala, ndi apongozi anga, anangogona kuti muone mmene ambulansi imagwirira ntchito. Ndinawerenga kawiri, mtima unakhala pansi.

Koma kalatayo inakana kupita. Kamzere kosonyeza kuti ikutumizidwa kankayenda pang'ono n'kuima, kenako uthenga woti fayilo yalemera kwambiri. Zithunzi za kamera ya abusa zinali zikuluzikulu. Magetsi anazimanso, tinadikira. Atayaka, mayi uja anati njira ndi kuchepetsa zithunzi n'kusandutsa masilaidi onse kukhala fayilo imodzi yopepuka, yongowerenga, imene imatseguka pa kompyuta iliyonse. Anatero, ndipo inapita nthawi yomweyo. Tonse awiri sitinaganizire kuti fayilo yoteroyo imatenga nkhope ya silaidi yokha. Za m'kabokosi ka pansi zija zinatsala ku Kasungu.

Nditafika kumudzi ndinapeza pakhomo pa apongozi pali anthu. Amayi atatu anali pamphasa, nkhuku yomanga miyendo ili pambali. Apongozi anali pampando wawo, akufotokoza.

"Ine sindikudwala. N'zojambula chabe."

"Limbani mtima choncho, bambo," anatero mmodzi wa amayiwo. "Matenda amaopa munthu wolimba mtima."

"Ndikuti sindikudwala."

"Malemu amuna anga ankateronso."

Ndinagwada n'kufotokoza zonse, za masilaidi, za abale akunja, za thumba la chimanga. Anandimvetsera mwaulemu. Pochoka, mmodzi anandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kundinong'oneza kuti ndikuchita bwino kusawauza odwalawo zoona zake, ena akadziwa amafooka.

Masiku otsatira anthu anapitiriza kubwera kudzazonda. Apongozi aakazi poyamba ankathandiza kukana. Koma shuga anabwera, nkhuku zinachuluka m'khola, ndiponso kwa zaka zambiri iwo ankafuna kuti amuna awo asiye mchere wambiri ndi kukhalitsa kubawo. Ndinaona kuti kukana kwawo kwayamba kufewa. Munthu akafunsa kuti odwala agona bwanji, ankangoti, "Kaya, tikuona mmene kwachera."

Kenako kunabwera mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu, atamva mphekesera. Anawapeza apongozi atangomaliza kukalipira mlamu wawo amene anachokera ku Chisemphere kudzafunsa, mwaulemu ndithu, ngati nkhani ya wodzatenga ng'ombe zawo inakonzedwa kale. Mlangizi anawakulunga chopimira pamkono mitsempha ya m'khosi ikadali njo. Anati magazi akuthamanga, achepetse mchere ndi nyama yamafuta, apume. Apongozi aakazi analandira mawuwo ndi manja awiri. Kuyambira tsiku limenelo apongozi ankadya phala ndi masamba opanda mchere, nkhuku za odwala tikudya ndife.

Mvula yodzalira inagwa sabata yomweyo. Fodya sadikira munthu: nthaka ikanyowa, mbande za kunazale ziyenera kuwokedwa. Apongozi anadzuka m'mamawa, anatenga khasu, koma potuluka anapeza abambo a mpingo ali kale pabwalo ndi madengu a mbande zawo zomwe, atazula kudambo. Mkulu wa mpingo anawalanda khasu mofatsa, anawakhazika pampando pamthunzi wa chigafa n'kuwafunditsa bulangete m'miyendo. Munda unali pafupi, ankaona zonse. Anthu ankawoka akuimba nyimbo za m'buku, ena motalikitsa, ena mothithikana.

"Mayi," apongozi anandiitana chapansipansi. Aka kanali koyamba kundituma popanda wodutsiramo. "Kawauzeni kuti akuthithikitsa."

"Ndikawauze kuti mwatero ndinu, bambo?"

Anayang'ana anthu aja, matope mpaka m'mawondo, atasiya minda yawo. Anapuma mozama.

"Asiyeni. Ndidzazula usiku wina."

Sanazule. Ndipo kuchokera tsiku limenelo anasiya kunena kuti sakudwala, chifukwa kutero kukanakhala kuuza anthu onsewo kuti anavutika pachabe. Munthu akabwera ankangoti, "Pang'onopang'ono."

Yankho la abale akunja linafika patapita masabata angapo. Abusa anandiitanitsa kusukulu, ndinawapeza atakhala ndi amayi apampando, laputopu ili yotsegula. Anandimasulira ngakhale ndinkatha kuwerenga ndekha. Kalata yathu inawalitsidwa pakhoma monga anakonzera. Pa silaidi yachinayi anthu ena m'tchalitchimo analira. Anaisiya pakhoma nthawi yonse ya pemphero. Tsopano ankafunsa: kodi bambo wokalamba uja anafika nthawi yabwino? Ali moyo?

"Koma ndinalemba," ndinatero. "Ndinalemba m'kabokosi."

Abusa anatsegula fayilo imene inatumizidwa ija. Tinaiyang'ana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kabokosi kunalibe.

Amayi apampando anati tingoyankha kuti ali moyo, si bodza. Abusa anakana. Anati anthu aja anapereka ndi mtima woona, sitingawasiye akupempherera munthu amene vuto lake ndi kusowa mchere. Tinagwirizana zolemba kalata yachiwiri, ya masilaidi atatu okha: kupepesa ndi kufotokoza, chithunzi cha apongozi ali bwinobwino, ndi kuthokoza. Ulendo uno mawu onse akhale pankhope pa silaidi, m'zilembo zikuluzikulu.

Apongozi anavomera msanga. Anati ajambulidwe ataimirira, atavala suti ya ukwati wa mwana wawo, m'munda mwa fodya, dziko lonse lione. Koma phala lija linali litagwira ntchito. Kolala ya shati inkazungulira khosi momasuka, jekete linkalendewera m'mapewa, thalauza anachita kuboola bowo lina palamba. Kukhala pamthunzi kunawayeretsanso khungu. Pa kompyuta ndinaika zithunzi ziwirizo pa silaidi imodzi kuti aone kuti ndi munthu yemweyo. Kumanzere kunali bambo wonenepa, wa masaya osalala, ali m'tulo tokoma. Kumanja kunali nkhalamba yowonda itagwira tsinde la fodya ngati ikuopa kugwa. Pamwamba pake panali mawu akuluakulu akuti bambo awa sanadwalepo.

Mayi wa kukafe anayang'ana nthawi yaitali, anavula magalasi n'kuwapukuta.

"Wodwalayo ndi uti?"

"Palibe."

"Chabwino," anatero, n'kutumiza.

Abale akunja anayankha mwachikondi. Anati amvetsa kuti kwathu kuno matenda ndi nkhani yosaulula, ndipo alemekeza zimenezo. Anati akuthokoza Mulungu poona bamboyo ataimirira, ngakhale zikuoneka kuti wadutsa m'zambiri. Amayi a mpingo wawo ayamba kale kumulukira bulangete. Abusa atawerenga anatseka laputopu pang'onopang'ono n'kunena kuti kalata yachitatu sitilemba, tidzawafotokozera pamaso akadzabwera.

Amene anathetsa nkhaniyi kumudzi ndi apongozi eni ake. Lamlungu lina, nthawi ya zolengeza, anaimirira n'kupempha kulankhula. Anayenda kupita kutsogolo mosagwira ndodo, anthu akung'ung'udza moyamikira.

"Abale, ndaima pano kuti ndinene kuti ine ndilibe matenda alionse m'thupi mwangamu."

"Amen," unayankha mpingo wonse, amayi ena n'kuyambitsa nyimbo.

Anadikira kuti nyimbo ithe. Ndinaona kuti akufuna kuyambiranso kufotokoza, koma anayang'ana abambo amene anawawokera fodya aja, atakhala kutsogolo nkhope zili ngwee, ndipo anasintha.

"Ndathokoza nonse. Mchere ndayambiranso lero. Tsopano ndinene za ambulansi."

Anati anthu onse amene anakwerapo anali odwala kwambiri moti sakanatha kuona zolakwika, koma iwo anakwera ndi maso awiri, asanagone. Kumutu n'kotsika kuposa kumiyendo, magazi amathamangira kumutu. Tayala la njinga limaponyera mchenga kumaso kwa wodwala. Chitsulo china chapakati chimabaya msana pa bampu iliyonse. Lona ndi lalifupi, dzuwa limawotcha mapazi. Pamene ankalankhula, mayi wina amene anapita nayo kukachira anayamba kugwedeza mutu, kenako agogo ena anakweza dzanja n'kunena kuti chitsulo chimenecho akuchidziwa, ankangoopa kudandaula pa chinthu chopatsidwa. Mpingo unagwirizana pomwepo kuti apongozi alowe m'komiti, aziyang'anira ambulansi.

Loweruka lotsatira anapita nayo kwa wowotcherera zitsulo pamsika, ine ndinatsagana nawo monga mlembi. Anakhala pamenepo tsiku lonse akuloza ndi chala, kukangana ndi mmisiri za kutalika kwa chitsulo chilichonse. Anakwezetsa kumutu, anaikitsa chotchinga mchenga, chitsulo chobaya chija anachisunthira m'munsi. Pomaliza mmisiri anati munthu agonepo ayese. Apongozi anayang'ana uku ndi uku, pamsika panali anthu ambiri. Anauza mmisiriyo kuti agone yekha, ndi amene wawotcherera. Mmisiri anati ali ndi ntchito ina yomudikira.

Tinabwerera kumudzi dzuwa likupendeka, wakabaza akupalasa pang'onopang'ono machira ali opanda kanthu. Apongozi ankayenda pansi pambali pake, chipewa chili kumutu, akupereka moni mokweza kwa aliyense amene tinakumana naye, ngakhale ana.